Kodi giya ya manyuwo imapulumutsadi mafuta? Tiwerenge tebulo la rigireshoni pang'onopang'ono

Amene anaphunzirako sitatisitikisi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya R amaidziwa deta ija yotchedwa `mtcars`. Imabwera kale m'pulogalamumo, ndiye aphunzitsi amaikonda chifukwa safunika kutumizira munthu fayilo. Muli magalimoto 32 a m'zaka za 1973 ndi 1974, ndipo manambala ake anachokera m'magazini ya ku America ya Motor Trend ya mu 1974. Galimoto iliyonse inalembedwa kulemera kwake, mphamvu ya injini, mtundu wa giya, ndi mtunda umene imayenda pa galoni imodzi ya mafuta. Ndaisankha chifukwa muli funso limene anthu amakangana nalo mpaka lero pamagalaja ndi pogula galimoto yochokera ku Japan: kodi ya manyuwo, yosintha magiya ndi dzanja, imamwa mafuta ochepa kusiyana ndi ya otomatiki? Deta yomweyi ikhoza kukuyankhani kuti inde, n'kudzakuyankhaninso kuti ayi, ndipo masilaidi onse awiri n'kukhala kuti masamu ake ndi olondola.

Pamsonkhano, silaidi yoyamba ya rigireshoni, njira yolosera chinthu china pogwiritsa ntchito chinzake, nthawi zambiri imaoneka chonchi:

```
summary(lm(mpg ~ am, data = mtcars))

            Estimate Std. Error t value Pr(>|t|)
(Intercept)   17.147      1.125  15.247 1.13e-15 ***
am             7.245      1.764   4.106 0.000285 ***

Multiple R-squared: 0.3598
```

Maso a anthu ambiri amathamangira ku tinyenyezi titatu ta kumapetoko. Ine ndimati tinyenyezito tidikire kaye. Choyamba n'kudziwa kuti chikuyezedwa n'chiyani, ndipo chikuyezedwa ndi muyezo wanji. `mpg` ndi mamailosi amene galimoto imayenda pa galoni imodzi ya ku America. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, galoni imeneyo ndi malita 3.785, choncho 1 wa `mpg` ndi pafupifupi makilomita 0.425 pa lita. Nambala ikakwera ndiye kuti galimotoyo ikusamala mafuta. `am` si muyezo ayi, ndi chizindikiro chabe: 0 ndi otomatiki, 1 ndi manyuwo. Silaidi yosanena zimenezi siwerengeka, chifukwa wina akanatha kulemba 1 pa otomatiki, ndipo 7.245 uja akanakhala −7.245 popanda chilichonse chosintha pa magalimotowo.

Tikadziwa zimenezi, manambala awiri oyambawo savutanso. `(Intercept)` ndi chimene modelo ikuyembekezera pamene zonse za kumanja kwa chizindikiro cha `~` zili pa 0. Pano 0 ndi otomatiki, ndiye 17.147 ndi avareji ya magalimoto 19 a otomatiki, basi. Koefishenti ya `am`, 7.245, ndi kusiyana kwa magulu awiriwo. Mukaphatikiza mupeza 24.39, yomwe ndi avareji ya magalimoto 13 a manyuwo. M'muyezo wathu, a otomatiki amayenda pafupifupi makilomita 7.3 pa lita, a manyuwo 10.4. Kusiyana kwa makilomita 3 pa lita si kwamasewera kwa munthu amene amathira yekha mafuta.

`Std. Error` ikunena kuti 7.245 ameneyu akanagwedezeka motani tikanatenga magalimoto ena 32 a mtundu womwewo. Njira yachidule imene ndimagwiritsa ntchito nditakhala kumbuyo kwa holo ndi yochulukitsa nambalayi kawiri, kenako n'kuchotsa ndi kuphatikiza ku koefishenti. Kawiri 1.764 ndi pafupifupi 3.5, ndiye kusiyanako kuli penapake pakati pa 3.7 ndi 10.8. Mpatawo ndi waukulu, koma 0 sali m'katimo. `t value` ndi koefishenti kugawa ndi `Std. Error`, palibenso china. Ndipo 0.000285 uja, wotchedwa p, amene kuchepa kwake ndiko kumabweretsa tinyenyezi tija, akuti: zikanakhala kuti magulu awiriwa sasiyana ngakhale pang'ono, kupeza kusiyana kwakukulu chotere mwamwayi chabe kukanakhala kosowa zedi. Sakunena kuti kusiyanako kwabwera chifukwa cha giya. Funso limenelo tebuloli silinafunsidwe n'komwe.

Komabe pansi pa silaidi yotereyi mumapeza palembedwa kuti "giya ya manyuwo imawonjezera mamailosi 7.2 pa galoni". Tebulo lanena kuti magalimoto amene ali ndi giya ya manyuwo amayenda mtunda wotalikirapo, wolemba silaidi wamva kuti giyayo ndi imene ikuwayendetsa mtundawo. Kuti tione pamene ziwirizi zasiyanirana, tisiye kaye giya tione kulemera.

```
summary(lm(mpg ~ wt, data = mtcars))

            Estimate Std. Error t value Pr(>|t|)
(Intercept)  37.2851     1.8776  19.858  < 2e-16 ***
wt           -5.3445     0.5591  -9.559 1.29e-10 ***

Residual standard error: 3.046 on 30 degrees of freedom
Multiple R-squared: 0.7528, Adjusted R-squared: 0.7446
```

`wt` ndi kulemera kwa galimoto, ndipo 1 akuimira mapaundi 1,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 454. Wosadziwa zimenezi akhoza kuwerenga kuti paundi imodzi yokha ikuchotsa mamailosi 5 pa galoni, n'kumadabwa kuti nanga munthu akakwera ndi chikwama galimoto imayenda bwanji. Kuwerenga koyenera n'kwakuti: tikayerekeza magalimoto awiri a m'detayi osiyana ndi mapaundi 1,000, yolemerayo timayembekezera kuti iyenda mamailosi ochepera ndi 5.3 pa galoni. Mukasinthira ku makilogalamu ndi malita zimatuluka bwino kwambiri: pa makilogalamu 100 alionse, theka la kilomita pa lita. Wokonza silaidi akanawerengera kulemera m'makilogalamu, koefishenti ikanakhala kanambala kakang'ono, pafupifupi −0.012, koma `t value`, tinyenyezi ndi R sikweya zikanakhala zomwezo. N'chifukwa chake kukula kwa koefishenti pakokha sikukuuzani kuti chinthucho n'chofunika motani. Nambala ya 7.2 ya giya ndi ya 5.3 ya kulemera sizingaikidwe pa sikelo imodzi, chifukwa ina ikuyerekeza magulu awiri, ina ikuyenda ndi mapaundi 1,000.

Nanga 37.2851? Ameneyu ndi `mpg` ya galimoto yosalemera kanthu, galimoto yomwe kulibe. Yopepuka kwambiri m'detayi ndi Lotus Europa, ya 1.513, ndipo yolemera kwambiri ndi Lincoln Continental, ya 5.424. Nambala ya 37.29 ndi poyambira mzere wowongoka chabe, kuti masamu atheke. Ili ndi tinyenyezi titatu, koma tinyenyezito tikungotsimikiza kuti mzerewo sudutsa pa 0, zomwe palibe amene ankakayika. M'silaidi yoyamba ija `(Intercept)` inali ndi tanthauzo lenileni, pano ilibe, ndipo chimene chikusiyanitsa n'chakuti kodi 0 ndi chinthu chopezeka m'deta kapena ayi.

Mzerewu mukhoza kuugwiritsa ntchito ndi cholembera. Tengani Fiat 128, yolemera 2.2. Chulukitsani 2.2 ndi 5.3445, mupeza 11.76, chotsani pa 37.29, patsala 25.53. Koma Fiat 128 inalembedwa 32.4. Modelo yaperewera ndi 6.87, ndipo chimenechi ndi chotsalira chachikulu kuposa zonse. Ford Pantera L, yolemera 3.17, modelo ikuipatsa 20.34 pamene yeniyeni ndi 15.8, ndiye apa yapyola ndi 4.54. Ndimalimbikitsa aliyense kuti awerengere magalimoto awiri kapena atatu pamanja chonchi, chifukwa R sikweya imachokera m'zotsalira zimenezi, ndipo amene sanazigwirepo amaitenga ngati malikisi a mayeso.

Imapangidwa motere. Tiyerekeze kuti simukudziwa chilichonse cha magalimotowa, mwangouzidwa kuti mulosere `mpg` ya iliyonse. Chanzeru n'kutchula avareji, 20.09, pa galimoto iliyonse. Mulakwitsa, pena pang'ono pena kwambiri. Tengani kulakwitsa kulikonse, kuchulukitseni ndi nambala yomweyo, muphatikize zonse 32: mupeza 1,126. Tsopano akuuzeni kulemera, mulosere pogwiritsa ntchito mzere uja, muchite chimodzimodzi ndi zotsalira: mupeza 278. Mwa 1,126 uja patsala 278, lomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Magawo atatu amene achokawo ndiwo 0.7528. R sikweya ikufanizira modelo yanu ndi munthu amene amangotchula avareji, n'kunena kuti mwamuposa motani, pa magalimoto omwewa amene munajambulira mzerewo.

Ndiye si zoona kuti modelo imalondola ka 75 pa maulendo 100. Fiat ija sinalondole, Ford ija sinalondole, mwina palibe galimoto ngakhale imodzi imene yagwera ndendende pamzere. Si zoonanso kuti 75 peresenti ya mafuta amene galimoto imamwa imapita chifukwa cha kulemera. Mawu amene amalembedwa pamasilaidi, akuti kulemera "kukufotokoza" 75 peresenti ya kusiyanasiyana, ndi amene amasokoneza, chifukwa m'kulankhula kwathu kufotokoza chinthu n'kunena chimene chachititsa. Apa kukungotanthauza kuti kulakwitsa polosera kwachepa.

Nambala imene ine ndimaifuna kwambiri ili pamwamba pa R sikweya, ndipo masilaidi ambiri amaidula kuti tebulo likwane: `Residual standard error`, 3.046. Ubwino wake ndi wakuti ili m'muyezo wa chinthu chenichenicho. Ikuti kawirikawiri mzerewo umaphonya ndi mamailosi pafupifupi 3 pa galoni, kapena kuti makilomita 1.3 pa lita. Mukafunsa modelo za galimoto imodzi yolemera mapaundi 3,000, ikuuzani 21.25, koma malire ake a 95 peresenti akuyambira pa 14.9 mpaka 27.6. M'malita, ndi kuyambira makilomita 6.3 mpaka 11.7. Munthu wopanga bajeti ya ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu sangadalire yankho lotambalala chonchi, ngakhale R sikweya ikuoneka yonenepa. Pali malire ena opapatiza, kuyambira 20.1 mpaka 22.4, koma amenewo ndi a avareji ya magalimoto onse olemera chotero, osati a galimoto imodzi. Silaidi ikaonetsa mzere wokhala ndi kachikuto kotuwa kopyapyala m'mbali mwake, nthawi zambiri ndi malire a avarejiwa, ndipo ndi bwino kufunsa.

R sikweya imadaliranso kwambiri kuti munasonkhanitsa zinthu zosiyana motani. M'detayi muli timagalimoto tating'ono ta ku Japan ndi ku Ulaya pamodzi ndi zimagalimoto za ku America zolemera kuwirikiza katatu. Kusiyana kukakula chonchi, 1,126 uja amakula, ndipo mzere uliwonse wotsetsereka umaoneka kuti wagwira ntchito yaikulu. Mukanangotenga magalimoto olemera mofananako, R sikweya ikanatsika, ngakhale kuti ubale wa kulemera ndi mafuta sunasinthe. Choncho funso lakuti "kodi 0.75 ndi yabwino?" lilibe yankho limodzi. Poyeza makina m'labotale, 0.75 ikhoza kukhala chizindikiro chakuti chinachake chawonongeka. Pa kafukufuku wa mabanja, kumene ndalama kapena zokolola za khomo lililonse zimayendera zinthu zambirimbiri, R sikweya yotsika si yachilendo, ndipo koefishenti ikhoza kukhalabe yothandiza.

Chinanso chimene R sikweya siingaone ndi maonekedwe a timadontho pa galafu. Mu 1973 katswiri wina, Francis Anscombe, anakonza magulu anayi a deta, lililonse la timadontho 11, onse otulutsa mzere wofanana, `y = 3 + 0.5x`, ndi R sikweya yofanana, pafupifupi 0.67. Mukawajambula, gulu lina ndi lomwazikana bwinobwino, lina ndi lokhota ngati uta, lina ndi mzere wosalala wosokonezedwa ndi kadontho kamodzi, ndipo lomaliza mzere wonse wapachikidwa pa kadontho kamodzi kakutali. Magalimoto athuwa alinso ndi vuto lakelo. Opepuka kwambiri, monga Toyota Corolla, yolemera 1.835 ndi `mpg` ya 33.9, ali pamwamba pa mzere. Atatu olemera kwambiri alinso pamwamba pa mzere: Chrysler Imperial modelo ikuipatsa 8.7 pamene yeniyeni ndi 14.7. Ambiri a pakatikati ali pansi. Zotsalira zikakhala pamwamba kumapeto konse kuwiri, pansi pakati, ndiye kuti ubalewo ndi wokhota ndipo ife taukakamiza kuwongoka. Mukaupitiriza mzerewo, pofika pa mapaundi pafupifupi 7,000 ukunena kuti galimoto imayenda mamailosi 0 pa galoni, kupyola apo nambala ikulowa ku mainasi. Malole olemera kuposa pamenepo akuyenda m'misewu tsiku ndi tsiku. Mzerewo uli ndi mawu pakati pa 1.5 ndi 5.4 pokha, kumene kuli deta.

Tibwerere ku giya. Tiike zonse ziwiri m'modelo imodzi.

```
summary(lm(mpg ~ wt + am, data = mtcars))

            Estimate Std. Error t value Pr(>|t|)
(Intercept) 37.32155    3.05464  12.218 5.84e-13 ***
wt          -5.35281    0.78824  -6.791 1.87e-07 ***
am          -0.02362    1.54565  -0.015    0.988

Multiple R-squared: 0.7528, Adjusted R-squared: 0.7358
```

Mamailosi 7.2 aja apita kuti? Koefishenti ya `am` yatsika kufika pa −0.02, tinyenyezi tazimiririka. Magalimoto ndi omwewo, palibe nambala imene yasinthidwa. Chasintha ndi funso. Poyamba tinkafunsa kuti a manyuwo ndi a otomatiki amasiyana bwanji. Tsopano tikufunsa kuti ya manyuwo ndi ya otomatiki zolemera mofanana zimasiyana bwanji. Koefishenti iliyonse m'tebulo la zinthu zingapo imawerengedwa chonchi, poyerekeza zinthu zofanana pa zina zonse zimene zili m'modelo, ndipo mukawonjezera kapena kuchotsa mzere umodzi wa tebulo, tanthauzo la mizere yotsalayo limasintha.

Chosangalatsa n'chakuti 7.2 uja tikhoza kumulondola mpaka kumupeza. Avareji ya kulemera kwa magalimoto a otomatiki ndi 3.769, ya a manyuwo ndi 2.411. Akusiyana ndi 1.358. Chulukitsani 1.358 ndi 5.353, mupeza 7.27. Chotsanipo 0.02 wa giya, mwafika pa 7.245 yemwe uja wa pasilaidi yoyamba. Kusiyana konse kumene tinkati n'kwa giya kunali kwa kulemera. Pa magalimoto amene analowa m'detayi, akuluakulu a ku America anali a otomatiki, ang'onoang'ono ochokera kunja anali a manyuwo, ndiye `am` ankagwira ntchito ngati chikwangwani cholozera galimoto yopepuka. Silaidi yoyamba sinaname, inangopereka kwa giya mbiri ya mnzake amene sanaitanidwe m'modelo.

Onaninso R sikweya: 0.7528, monga zinalili ndi kulemera kokha. R sikweya sitsika mukawonjezera chinthu, ngakhale chikhale chopanda pake ngati nambala ya nsapato ya dalaivala. Imakwera kapena kuima pomwepo. `Adjusted R-squared` ndi imene imalipiritsa chinthu chilichonse chowonjezedwa, ndipo apa yatsika kuchoka pa 0.7446 kufika pa 0.7358. Mukaona silaidi ikudzitama kuti R sikweya yakwera titawonjezera zinthu zisanu ndi chimodzi pa deta ya mizere 30, yang'anani inzakeyo.

Apa pali msampha wachiwiri, ndipo umakola anthu amene akuona ngati apulumuka woyamba. Amalemba kuti "giya ilibe mphamvu iliyonse pa mafuta". Tebulo silinanene zimenezonso. Bwererani ku `Std. Error`: 1.546. Kawiri ndi pafupifupi 3.1, ndiye kusiyana kwenikweni kukhoza kukhala paliponse kuyambira −3.1 mpaka 3.1. Mamailosi 3 pa galoni, pa galimoto imene imayenda 20, ndi 15 peresenti ya ndalama za mafuta. Deta yathu singathe kusiyanitsa pakati pa "palibe kusiyana", "manyuwo ikupulumutsa 15 peresenti" ndi "otomatiki ikupulumutsa 15 peresenti". Nambala ya 0.988 sikutanthauza kuti tatsimikiza ndi 98.8 peresenti kuti palibe kanthu. Ikungonena kuti zimene tapezazi sizikutsutsana ndi 0, monganso sizikutsutsana ndi 2 kapena −2.

Chifukwa chake chimaoneka mukawerenga magalimotowo limodzi ndi limodzi, zomwe tebulo la rigireshoni silingakuonetseni. Kuti muyerekeze manyuwo ndi otomatiki zolemera mofanana, pafunika kuti zoterozo zikhalepo. Pa magalimoto osakwana mapaundi 3,000, a manyuwo alipo 11, wa otomatiki ndi mmodzi yekha, Toyota Corona. Pa opitirira mapaundi 3,000, a otomatiki alipo 18, a manyuwo awiri okha, Ford Pantera L ndi Maserati Bora, ndipo awiriwa ndi magalimoto othamanga, a injini za masilinda 8 zomwa mafuta mosaumira. Ndiye mawu aja akuti "zolemera mofanana" akutsamira pa magalimoto ochepa kwambiri a pakatikati, ndipo kwinako modelo ikungodzaza ndi mzere wowongoka, umene taona kale kuti ndi wokhota. Pulogalamu siidandaula. Imatulutsa koefishenti ya manambala asanu kuseri kwa kadontho ngati kuti zonse zili bwino.

Ndipo nkhani siithera pomwepo. Mukawonjezera chinthu chachitatu, `qsec`, masekondi amene galimoto imatenga kuti ithamange kota ya mailosi kuchokera poima, koefishenti ya `am` imadzukanso n'kufika pa 2.94, ndi p ya 0.047 ndi kanyenyezi kamodzi, ndipo R sikweya imakwera kufika pa 0.85. Tsopano tili ndi mayankho atatu ochokera m'magalimoto 32 omwewo: 7.2, 0 ndi 2.9. Lachitatuli likuyankha funso linanso, la magalimoto olemera mofanana komanso othamanga mofanana. Anthu ambiri amalisankha chifukwa R sikweya yake ndi yaikulu, kapena chifukwa njira yosankhira zinthu yokha ya m'pulogalamu yawafikitsa pamenepo. Ine sindilikhulupirira kwambiri. Deta ili ndi zinthu 10 zimene mungaike kumanja, ndipo mukayesa mamodelo ambirimbiri n'kusunga imene yatulutsa kanyenyezi, p ya 0.047 siikutanthauzanso zimene imatanthauza pa funso limodzi lofunsidwa pasadakhale. Komanso `qsec` nayo imakhudzidwa ndi giya yomweyo, ndiye kuigwira kuti isasunthe n'kugwirako mbali ya chinthu chimene tikufuna kuyeza. R sikweya singaweruze kuti modelo yoyenera ndi iti pa funso la chimene chimachititsa. Amaweruza ndi munthu wodziwa mmene galimoto imagwirira ntchito, ndipo ayenera kunena poyera kuti anayesa mamodelo angati.

Ngakhale koefishenti ya kulemera, imene yaima nji m'matebulo onse, ili ndi malire ake. Mapaundi 1,000 ndi pafupifupi matumba 9 a chimanga a makilogalamu 50. Kodi mukakweza matumba 9 m'galimoto yanu, mutaya makilomita 2.3 pa lita monga mzere ukunenera? Mafuta adzapitadi ochulukirapo, zimenezo sayansi ya kayendedwe ka zinthu imatiuza popanda rigireshoni. Koma kuchuluka kwake tebuloli silingakuuzeni, chifukwa palibe amene anakweza katundu m'magalimoto 32 aja. Galimoto yolemera ya m'detayi inapangidwa yolemera, ndipo inabwera ndi injini yaikulu, masilinda ambiri ndi thupi lalikulu lokankha mphepo. Koefishenti ya −5.34 yanyamula zonsezo pamodzi. Umboni wake ndi wakuti mukangowonjezera mphamvu ya injini, `hp`, koefishenti ya `wt` imatsika kufika pa −3.88. Matumba a chimanga sakulitsa injini yanu.

Pali malire enanso amene sapezeka m'kolamu iliyonse. `Std. Error` ndi p zimawerengedwa poganiza kuti magalimotowa anatengedwa mwachisawawa pagulu lalikulu, ndiponso kuti iliyonse ndi umboni woima pawokha. Koma awa ndi magalimoto amene magazini inalemba, muli a Mercedes 7, muli Mazda RX4 ndi inzake ya wagoni zomwe zili pafupifupi galimoto imodzi. Za galimoto ya masiku ano, ya injini yoyendetsedwa ndi kompyuta ndi giya ya otomatiki yopangidwa mwamtundu wina, deta ya 1974 ilibe chonena, kaya tinyenyezi tichuluke bwanji.

Ndikanakhala ine wolemba pansi pa silaidi ija, ndikanalemba kuti pa magalimoto 32 a 1973 ndi 1974, a manyuwo ankayenda mamailosi 7.2 ochulukirapo pa galoni, koma analinso opepuka ndi mapaundi pafupifupi 1,360, ndipo tikawerengera kulemera, kusiyana kotsalako kuli penapake pakati pa −3 ndi 3. Ndi chiganizo chachitali, chosakoma pakhoma, ndipo ndikudziwa kuti woyang'anira msonkhano angafune chachifupi. Wofunadi kudziwa za giya ayenera kupeza deta yamtundu wina: galimoto za mtundu umodzi, injini imodzi ndi chaka chimodzi, zina za manyuwo zina za otomatiki, ziyende msewu umodzi ndi katundu wofanana, madalaivala azisinthana mwamaere kuti phazi lolemera la munthu mmodzi lisagwere mbali imodzi, ndipo mafuta aziyezedwa podzaza thanki ponyamuka ndi kudzazanso pofika. Pamenepo koefishenti ya `am` ikhoza kuwerengedwa monga ankafunira wolemba silaidi yoyamba uja, ngakhale R sikweya itatuluka 0.2.